Siketi ya malikisi 17 imene sikulowa m'thupi

Aphunzitsi ambiri a m'masukulu a zilankhulo ziwiri aliwonapo pepala loyesera ntchito zamanja lokhala ndi mizere ndi timabokosi. Kumanzere kumalembedwa zimene wophunzira ayenera kuchita, kumanja kuli mabokosi awiri, la "inde" ndi la "ayi". Mphunzitsi amayendayenda pakati pa ophunzira, n'kumachonga. Mndandanda wochongera wotere unafala kwambiri m'Mozambiki pamene maphunziro a ntchito zaluso anayamba kuyesedwa potengera zimene munthu angathe kuchita ndi manja ake, makamaka chikhazikitsireni lamulo nambala 23 la chaka cha 2014 limene linabala bungwe la ANEP. Kusukulu za pulayimale nakonso unalowa, kudzera m'phunziro la ntchito zamanja limene linabwera ndi silabasi ya 2004, komanso m'gawo lija la nthawi, 20 pa 100, lopatulidwira maphunziro a zinthu za m'dera.

Palibe chifukwa chodana ndi mndandandawu. Usanabwere, ntchito ya wophunzira inkaweruzidwa ndi diso lokha. Mphunzitsi ankanyamula chovala, kuchitembenuza kawiri, n'kulemba 13, ndipo wophunzira sakanadziwa chimene chamuchotsera malikisi 7 otsalawo. Mndandanda umakakamiza mphunzitsi kunena poyera chimene akufuna, ntchito isanayambe. Ichi n'chabwino ndithu. Vuto lili pa kalembedwe ka mindandanda yambiri imene ikugwiritsidwa ntchito. Imaoneka yachilungamo chifukwa ili ndi mabokosi ndi manambala, koma ikhoza kukhozetsa chovala chimene palibe angachivale. Chitsanzo chili m'munsichi n'chongopanga, koma mfundo zake n'za mtundu umene umapezeka kawirikawiri pa mapepala oyesera kusoka.

Ntchito ndi iyi: kusoka siketi yowongoka ya chitenje, yokhala ndi zipi kumbuyo ndi lamba m'chiuno. Mwini siketi ali ndi masentimita 72 m'chiuno ndi 96 m'matako, ndipo akufuna kuti italike masentimita 60. Mndandanda uli ndi mfundo 20, kuti ugwirizane ndi kawerengedwe kozolowereka ka malikisi oyambira 0 kulekeza 20. Mfundo khumi zoyamba n'za kukonzekera ndi khalidwe: wabwera ndi tepi yoyezera, wabwera ndi sizasi, ali ndi choko, ali ndi mapini, wavala epuloni, wasamba m'manja, wafika pa nthawi, wasesa pamalo, ndi zina zotero. Mfundo zisanu ndi imodzi zotsatira n'za kagwiridwe ka ntchito, monga kuyeza, kujambula pa nsalu, kusiya nsalu ya msoko, kudula, kulowetsa ulusi ndi kusita. Zinayi zomaliza ndiye za siketiyo: yasokedwa bwino, zipi yaikidwa bwino, mpendero ndi waudongo, siketi ikukwana. Mfundo iliyonse ikulemera chimodzimodzi, likisi imodzi.

Wophunzira woyamba wabwera ndi zipangizo zonse, ndi waudongo, ndipo wasesa. Wayeza molondola. Wakumbukiranso kuti siketi siyenera kukhala yofanana ndendende ndi thupi, choncho pa 96 waonjezera masentimita 4 oti munthu azitha kukhala pansi ndi kuyenda, zakwana 100. Chimodzi chokha waiwala: sanasiye nsalu ya msoko. Wadula motsata mzere weniweni wa choko. Siketi yotereyi ili ndi misoko itatu yoimirira, iwiri ya m'mbali ndi umodzi wa kumbuyo. Msoko uliwonse umalumikiza nsalu ziwiri, ndipo pa nsalu iliyonse umadyapo masentimita 1,5, ndiye kuti masentimita 3 pa msoko umodzi, 9 pa misoko yonse. Siketi imene inayenera kukhala 100 yatuluka 91. Thupi ndi 96. Ikafika m'matako imaima, ndipo palibe chochita chifukwa nsalu yodulidwa siibwereranso.

Pa mndandanda uja, wophunzirayu wapeza 10 pa kukonzekera. Pa kagwiridwe wapeza 5, wataya ya msoko yokha. Pa siketi wataya mfundo ya kukwana, ndipo mwina ya zipi, chifukwa inatsala ndi nsalu yochepa yogwirapo. Zonse pamodzi, 17.

Wophunzira wachiwiri kwawo kulibe sizasi ya nsalu kapena tepi, wabwereka kwa mnzake. Epuloni alibe, mapini ake ndi ochepa, ndipo anachedwa kufika. Wataya zisanu. Sanasite misoko pakati pa ntchito, wataya inanso. Koma siketi yake ikulowa, zipi ikuyenda, mpendero ndi wolingana. Wapeza 14. Telala aliyense wa pamsika wa Ulongwe, atapatsidwa masiketi awiriwa, angadziwe nthawi yomweyo woti amulembe ganyu. Pepala likunena zosiyana, ndipo pepalalo ndi limene lidzasungidwe mu ofesi.

Cholakwika choyamba chikuonekera pomwepa. Kuwonkhetsa machongo kumatanthauza kuti kusesa kukhoza kulipira kudula kolakwika. Mfundo zina pa ntchito yamanja sizilipirika. Ngati siketi sikulowa, ntchito yalephereka, ngakhale china chilichonse chikhale bwino. Maphunziro otengera luso amafuna chigamulo cha mtundu wina, chakuti wakwanitsa kapena sanakwanitse, koma chizolowezi cha malikisi 20 n'champhamvu moti mphunzitsi amapezeka akusakasaka mfundo zoti zikwane 20. Umu ndi mmene epuloni ndi tsache zimalowera. Zina mwa mfundo zimenezi siziyesa n'komwe luso. Kukhala ndi sizasi yakeyake kumasonyeza ndalama za makolo. Ngati ukhondo ndi kusunga nthawi n'zofunika kuzilemba, zikhale ndi pepala lakelake, zisasakanizidwe ndi funso lakuti munthuyu angathe kusoka siketi kapena ayi.

Mawu akuti "bwino"

Cholakwika chachiwiri chili m'mfundo zinayi zomaliza zija. "Yasokedwa bwino" si muyeso. Ndi diso lakale lija, langovekedwa bokosi. Aphunzitsi awiri akhoza kuona msoko umodzi, wina n'kuchonga "inde", wina "ayi", ndipo palibe angatsutse mnzake. Mfundo yoyenera kulowa mu mndandanda ndi imene munthu wina, atapatsidwa chovala ndi tepi mwiniwake kulibe, angaitsimikize yekha.

Msoko wabwino uli ndi zizindikiro zimene zikhoza kutchulidwa. Choyamba ndi kutalika kwa kalumidwe ka singano. Pa nsalu ya thonje ngati chitenje, mamilimita 2,5 ndi oyenera. Palibe amene angayeze kamtunda kakang'ono chotero ndi tepi, koma kuwerenga n'kotheka: pa masentimita 5 a msoko, singano iyenera kukhala italuma pafupifupi ka 20. Mfundo ikhoza kunena kuti kuyambira 18 mpaka 22. Kukakhala kotalikirana kwambiri msoko umayasama ukakokedwa, ndipo kukathithikana nsalu imakwinyika, kuphwasula msokowo kumavutanso.

Chachiwiri ndi kukumana kwa ulusi wa pamwamba ndi wa m'bobini. Ulusi uwiriwu uyenera kukolana mkati mwa nsalu, mosaonekera. Ukatembenuza chovala n'kupeza ulusi ukulendewera kapena utapiringizana kunsi, kawirikawiri ndiye kuti ulusi wa pamwamba ndi wolephuka, kapena sunadutse pakati pa timbale touthinitsa. Ulusi wa m'bobini ukamatulukira pamwamba ngati timadontho, wa pamwamba wathina kwambiri. Ophunzira ambiri akaona chipiringu kunsi amathamangira kumasula kaphiri ka bobini, poganiza kuti vuto lili komwe likuonekerako, n'kuonjeza chisokonezo. Mphunzitsi wofuna kuona zimenezi mosavuta angapereke ulusi wa mitundu iwiri pa mayeso, wina pamwamba wina pansi. Siketi siikongola kwenikweni mkati, koma cholakwika chilichonse chimadziulula.

Chachitatu ndi m'lifupi mwa nsalu yotsala kuseri kwa msoko, masentimita 1,5 aja, oyezedwa pamalo atatu: pamwamba, pakati ndi pansi. Chachinayi ndi kumanga kumapeto, kuti msoko usayambe kumasuka ukakokedwa ndi manja awiri. Mfundo imodzi yosamveka ija yasanduka zinayi, ndipo iliyonse wophunzira angadziyese nayo yekha asanapereke ntchito.

Manambala amenewa si lamulo lochokera kumwamba. Gulu la aphunzitsi, mothandizidwa ndi telala wodziwa, likhoza kusankha ena. Chofunika n'chakuti malire alembedwe, ndipo agwirizane. Apa pali msampha umene olemba mindandanda amagweramo akayamba kukonda manambala. Mndandanda ungalole kuti nsalu ya msoko ikhale pakati pa masentimita 1,3 ndi 1,7, komanso n'kunena kuti siketi yomalizidwa ikhale pakati pa 99 ndi 101 m'matako. Zonse zikuoneka zoyenera. Koma wophunzira amene wadula molondola n'kusoka misoko yonse itatu pa 1,7 wadya mamilimita 2 oonjezera pa mbali zisanu ndi imodzi za nsalu, ndiye kuti masentimita 1,2. Siketi yake yatuluka 98,8. Wakhoza mfundo ya msoko, walephera mfundo ya kukwana, pamene sanaphwanye lamulo lililonse limene anapatsidwa. Ndipo siketi ya 98,8 pa thupi la 96 imavalika. Malire oyambira 98 kulekeza 102 ndi amene angagwirizane ndi ntchito yeniyeni. Siketi ikayalidwa patebulo, zipi itatsekedwa, n'kuyezedwa masentimita 20 kutsika kuchokera m'chiuno, tepi iwerenge pakati pa 49 ndi 51. Wolemba mndandanda amene sanakhalepo pansi n'kusoka yekha siketi motsata pepala lake sangaone kusemphana kotere.

Choncho mndandanda wokonzedwanso umakhala ndi magawo awiri osalingana. Pamwamba pali mfundo zinayi zimene sizilipirika: muyeso wa m'matako uli m'malire ake, lamba atatsekedwa akuzungulira masentimita 73 mpaka 75, zipi ikukwera ndi kutsika katatu mpaka kumapeto osaluma nsalu, palibe msoko woyasama ukakokedwa. Imodzi ikalephereka, wophunzira sanakwanitse, ayenera kubwereza. Pansi pake pali mfundo zina zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri zosonyeza ukatswiri, monga kutalika kwa siketi kuyezedwa pamalo anayi osasiyana kupitirira sentimita imodzi, timapindo tothinitsa m'chiuno ta kumanja ndi kumanzere kulingana, m'mphepete mwa nsalu kutetezedwa kuti ulusi usamayoyoke, ndi maluwa a chitenje kuyang'ana mbali imodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Mfundo yomalizayi imaiwalika kawirikawiri pa mapepala otengedwa m'mabuku olembedwera nsalu zopanda maluwa. Koma amene anaonapo siketi imene mbalame zake zikuuluka kutsogolo, kumbuyo zili chadodolido, amadziwa kuti kasitomala sangailandire. Ngati ofesi ikufunabe nambala ya pa 20, ikhoza kuwerengedwa kuchokera ku gawo lachiwirili, kwa okhawo amene adutsa gawo loyamba.

Maso awiri, makina asanu

Mindandanda yambiri imalembedwa ngati kuti mphunzitsi aima pambali pa wophunzira mmodzi kuyambira poyeza mpaka posita. M'chipinda muli ophunzira 25 ndi makina asanu opalasa ndi mapazi, izi sizingatheke. Chimene chimachitika n'chodziwika: madzulo mphunzitsi amakhala pansi n'kudzaza mabokosi a kagwiridwe ka ntchito mwa kukumbukira, kapena mwa mmene amamudziwira wophunzirayo. Mndandanda wa mfundo 40 umabala machongo ongopeka ambiri kuposa wa mfundo 12.

Njira yake ndi kufunsa pa mfundo iliyonse ngati ingaonekere pa chovala chomalizidwa. Zambiri zimaonekera. Ngati wophunzira anasiya nsalu ya msoko, tepi inena mawa. Ngati anathinitsa ulusi molondola, msoko unena. Zimenezi siziyenera kuonereredwa pamene zikuchitika. Zotsala, zofunika diso la mphunzitsi nthawi yomweyo, n'zochepa. Pa siketi pali malo awiri oyenera kuimapo. Oyamba ndi pamene wophunzira wamaliza kujambula pa nsalu, sizasi isanalume. Achiwiri ndi pamene walowetsa ulusi n'kusoka kachidutswa koyesera, asanagwire siketi yeniyeni. Pepala la ntchito linene momveka kuti akafika pamenepo aime, aitane mphunzitsi. Kuona kulikonse sikutenga mphindi zopitirira ziwiri kapena zitatu.

Malo oima oyambawa amadzutsa mkangano weniweni pakati pa aphunzitsi. Mphunzitsi akaona kuti wophunzira sanasiye nsalu ya msoko, amuuze kapena akhale chete? Akakhala chete, chitenje chimene mwina makolo anagula movutikira chionongeka, ndipo sadzadziwanso ngati wophunzirayo amatha kuika zipi pa nsalu yodulidwa bwino. Akamuuza, ena amati mayeso aipitsidwa. Mndandanda wabwino uyenera kuyankha funsoli pasadakhale, m'malo molisiyira mtima wa mphunzitsi, umene umafewera ena n'kuumira ena. Yankho lomveka ndi lakuti mphunzitsi alembe kuti pa kujambula wophunzira sanakwanitse, amuuze kuti pali cholakwika osatchula kuti n'chiti, n'kumulola kukonza. Akachipeza yekha, zilembedwe. Akalephera, auzidwe, apitirize kusoka, ndipo tsiku lina adzabwereze gawo la kujambula lokha ndi miyeso ina. Kubwerezako kungachitike pa pepala la thumba la simenti kapena nyuzipepala, popanda kuononga nsalu. Mwa njira imeneyi chigamulo chimaloza pamene pali vuto, ndipo wophunzira sabwereza zimene wazidziwa kale.

Kachidutswa koyesera kaja kali ndi ntchito inanso, yoteteza wophunzira ku makina. Makina asanu a m'chipinda chimodzi salingana. Ena amalumphitsa ulusi chifukwa singano ndi yopindika, yobuntha kapena yalowetsedwa chotembenuza, ndipo izi wophunzira ayenera kuzizindikira n'kuzikonza, ndi mbali ya luso lake. Koma ena amalumphitsa chifukwa kachitsulo kokola ulusi pansi sikakumananso ndi singano pa nthawi yake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wokonza makina. Popanda kachidutswa kosainidwa ndi mphunzitsi, amene wagwera makina odwala amalangidwa chifukwa cha mwayi woipa. Nambala ya makina ilembedwe pa pepala la aliyense. Ophunzira anayi akalephera mfundo imodzimodzi pa makina amodzimodzi, wolephera si iwo.

Momwemonso, mfundo yakuti "wasoka chobwerera m'mbuyo kumapeto a msoko" imakondera. Makina ena akale alibe kachitsulo kobwezera m'mbuyo. Pa makina otero telala amatembenuza nsalu singano ili pansi, kapena amamanga ulusi ndi manja. Mfundo iyenera kunena chimene chikufunika, chakuti mapeto a msoko ndi omangika, njira isiyidwe kwa wosoka.

Pepala likulankhula chilankhulo chiti

Apa ndi pamene aphunzitsi a zilankhulo ziwiri ali ndi chonena chimene olemba mindandanda ambiri sachiganizira. Pepala la ntchito limabwera m'Chipwitikizi, ndipo mawu ake ndi a m'mabuku a kusoka. Wophunzira wa ku Angonia kapena ku Metangula amene wakula akuona azakhali ake akusoka amadziwa mpendero, amadziwa kuupinda kawiri, koma liwu lakuti "bayinya" likhoza kumuimitsa. Liwu lakuti "pinsa" limatchula kapindo kothinitsa m'chiuno, komanso limatchula kachida kopanira, ndipo amene analimva koyamba m'phunziro la sayansi aganiza za kachidako. Akalakwitsa chifukwa chosamva lamulo, bokosi la "ayi" limanena kuti satha kusoka, pamene chimene chayesedwa ndi kuwerenga. Mayeso a ntchito yamanja asanduka mayeso a chilankhulo mobisa, ndipo palibe amene wazindikira.

Izi sizikutanthauza kuti mawu a Chipwitikizi achotsedwe. Wophunzira adzakumana nawo m'sitolo yogulitsa zipangizo ndi pa satifiketi, ayenera kuwadziwa. Koma ngati akufunika kuyesedwa, akhale ndi mfundo yawoyawo, mwachitsanzo kuloza ziwalo zisanu za siketi mphunzitsi akazitchula. Pepala la ntchito lokha likhale m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo liwerengedwe mokweza ntchito isanayambe.

Kumasulira nakonso kuli ndi mbuna zake. Mapepala ena omasuliridwa liwu ndi liwu amavuta kuposa oyambirira. Mabuku a Chipwitikizi ali ndi mawu otchulira njira imene ulusi wa nsalu umayendera m'litali, amene akamasuliridwa mwachindunji amatuluka "ulusi wowongoka". Wophunzira akawerenga kuti "dulani motsata ulusi wowongoka" amayang'ana ulusi wa pa makina. Chimene chikufunika n'chakuti mzere wa pakati pa siketi uyende mofanana ndi m'mphepete mwa chitenje mmene munalukidwa kufakitale, chifukwa nsalu yodulidwa mopendekeka imakokeka, siketi n'kumapotoka ikachapidwa. Chiganizo chachitali chonena zimenezi m'Chinyanja cha tsiku ndi tsiku chimaposa liwu lalifupi lopangidwa mu ofesi. Ndipo chikhoza kuyezedwa: kuchokera m'mphepete kufika pa mzerewo, tepi iwerenge chimodzimodzi pamwamba ndi pansi. Mawu abwino a ntchitoyi ali kale ndi atelala a m'makonde a masitolo. Ola limodzi lokhala nawo, pepala lili m'manja, limathandiza kuposa dikishonale.

Pali kanthu kenanso ka m'malire. Tepi yoyezera imakhala ndi masentimita mbali imodzi ndi mainchesi mbali inayo. Atelala ambiri amene anaphunzira ntchito ku Malawi amayeza m'mainchesi, ndipo ana awo amatengera zomwezo. Inchesi imodzi ndi masentimita 2,54. Pepala longonena kuti "siyani 1,5" lingapangitse wina kusiya pafupifupi masentimita 4 pa mbali iliyonse. Dzina la muyeso lilembedwe paliponse pali nambala, ngakhale zioneke zobwerezabwereza.

Kuyesa mndandanda weniweniwo

Chodabwitsa n'chakuti pepala loyesera ophunzira ilo lokha siliyesedwa. Limalembedwa usiku, mawa lake lagwira ntchito. Pali njira yotchipa yoliyesera. Atengedwe masiketi asanu a chaka chatha, abwino ndi oipa, mayina atabisidwa. Aphunzitsi awiri awachonge aliyense payekha, osalankhulana, kenako afananize mfundo ndi mfundo, osati chiwonkhetso chokha, chifukwa anthu awiri akhoza kufika pa 14 atadzera njira zosiyana kotheratu. Mfundo imene asemphana pa masiketi awiri kapena kuposa ndi yolembedwa molakwika, ilembedwenso. Mfundo imene masiketi onse asanu akhoza, ngakhale yoipitsitsa, mwina siikusiyanitsa kanthu. Kenako masiketi omwewo aperekedwe kwa telala wodziwa, awandandalike kuyambira yabwino kufika yoipa popanda kuona pepala. Ngati siketi imene telala waiika kumapeto ndi imene yapambana pa mndandanda, wolakwa ndi mndandanda.

Zomwezi zimagwira pa kuwotcherera zitsulo. Mzere wowotcherera ukhoza kukhala wosalala ndi wokongola pamwamba pamene chitsulo sichinasungunuke mpaka mkati mwa mphambano. Mndandanda wongoyang'ana maonekedwe ungakhozetse ntchito imene idzathyoke pa geti kapena pa ngolo. N'chifukwa chake kachidutswa koyesera kamapanidwa n'kupindidwa kapena kuthyoledwa ndi hamala kuti mkati muoneke. Kumeneko mfundo za chitetezo, monga kutchinga maso ndi galasi lakuda, sizili ngati epuloni wa telala. Woyatsa moto osatchinga maso amaimitsidwa nthawi yomweyo, ndipo malikisi a mfundo zina sangamuombole.

Chilipo chimene mndandanda, ngakhale wolembedwa mosamala, umalephera kuchigwira. Masiketi awiri akhoza kudutsa mfundo zonse, miyeso yonse ili m'malire, koma ikavalidwa ina imagwa mofatsa kuchokera m'matako, ina imatukumuka pamene kapindo kathera chifukwa nsonga yake inasokedwa mobuntha m'malo moonda pang'onopang'ono. Izi zina zikhoza kulembedwa, monga kuti nsonga ya kapindo isasiye kathumba. Zina zimaoneka pa thupi pokha. Kuyesa kuzigawa m'timabokosi tambirimbiri kumabwezeretsa vuto la mfundo 40. Kuli bwino kusiya pansi pa pepala mizere itatu yopanda kanthu, pamene mphunzitsi alembe m'Chinyanja zimene waona siketi itavalidwa, popanda nambala: kuti yakoka pang'ono kumbuyo pansi pa lamba, kapena kuti msoko wa kumanzere ukuthawira kutsogolo. Mawuwa asakhudze chigamulo. Msoko wothawira kutsogolo nthawi zambiri umachokera pa kudula mopendekeka, choncho mphunzitsi akaulemba pa masiketi angapo a gulu limodzi, phunziro loyenera kubwerezedwa ndi la kuyala nsalu patebulo, ndipo pa malo oima oyamba aja payenera kuonjezedwa muyeso wochokera m'mphepete mwa chitenje.